UTHENGA WOYAMBA UNENE ZONSE

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi a sukulu za kumidzi

Mphunzitsi ali yense amene ali ndi foni adziwa uthenga wina umene ufika kawirikawiri kucokera kwa ana amene anawaphunzitsa. Uthengawo uli ndi mau awiri okha: “Moni aphunzitsi.” Dzina palibe, nkhani palibe, ndipo nambala yace ndi yacilendo. Wolembayo watumiza moni wace, nakhala pansi kudikira. Mphunzitsi ayang'ana mauwo osadziwa ngati kuli maliro, kapena mwana afuna ndalama, kapena angofuna kuceza. Nkhani ino iri ya mwana ameneyo, ndi ya njira imene mphunzitsi angamphunzitsire nayo kulemba uthenga woyamba wonyamula pempho lace lonse, kotero kuti wolandira akhoze kuyankha kapena kucitapo kanthu osayamba wafunsa funso liri lonse.

Mwana salakwa dala

Coyamba mphunzitsi azindikire kuti mwana wolemba moni yekha sacita ulesi. Acita cimene anaphunzira kwao. Pamudzi mlendo afika pabwalo, nanena odi, nadikira kuti amlandire. Ampatsa mphasa kapena mpando, ampatsa moni, afunsana za moyo wa kumene acokera, ndipo mlendo sachula cimene wadzera kufikira mwini nyumba ampatsa mpata. Mwana amene angafike kwa wamkulu ndi kuyamba ndi pempho ali ciriri anenedwa wopanda mwambo. Tsono mwanayo akagwira foni, moni wace uja ndiye odi wace, ndipo adikira kuti amuyalire mphasa.

Mwambo umenewu ndi wabwino pamene anthu awiri aonana maso ndi maso, cifukwa pamenepo funso ndi yankho zitsatana msanga, ndipo moni wonse utha nsima isanapse. Koma m'kulemba, funso liri lonse liri ndi mtengo wace. Kumidzi yambiri ya ku Chadiza, ku Petauke kapena ku Lundazi foni ikhala yozima kufikira mwini wace apita nayo ku golosale kukaithira moto. Mwina foniyo ndi ya mkulu wace wa mwanayo, amene apita nayo kudimba. Mwina netiweki igwira pacuru cimodzi cokha kunja kwa mudzi. Kumalo kotere funso limodzi ndi yankho lace zidya tsiku lathunthu kapena masiku awiri.

Mphunzitsi asauze ana kuti ataye mwambo. Awakumbutse kuti mwambo womwewo uli ndi munthu wina wosiyana ndi mlendo, ndiye mthenga. Wotumidwa kukanena maliro sakhala pamphasa kudikira kuti amfunse kasanu. Apereka ulemu, nanena amene wamtuma, amene watisiya, kumene kuli maliro, ndi tsiku la kuika; ndipo omva anyamuka pomwepo, pakuti adziwa zonse zofunika. Uthenga wolembedwa ndi mthenga. Ndiponso ndi mthenga wosakhoza kuyankha funso, cifukwa cace ayenera kusenza zonse asananyamuke.

Makolo amene anagwira nchito ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Luanshya, ku Walale ndi ku Joni, anacidziwa cimeneci. Kalata inkayenda masabata, ndipo munthu woiwala kuchula cinthu cimodzi ankadikira ulendo wina wa positi. Telegalamu inkalipiridwa powerenga mau, motero munthu ankayamba walingalira asanalembe. Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Mangalande m'caka ca 1992, ndipo WhatsApp inayamba mu 2009. Ana a lero anabadwa zinthu zimenezi ziripo kale, ndipo popeza kutumiza n'kosabvuta, aganiza kuti kuyankha nakonso n'kosabvuta.

Masiku asanu ndi anai otayika

Citsanzo cimodzi cionetsa bwino za mtengo umenewu. Mtsikana wina, amene pano achedwa Uje, anatsiriza Giredi 12 mu 2023 pa sukulu yogonera komweko, ndipo tsopano ali kwao kumudzi, ulendo wa theka la tsiku kucokera ku sukuluyo. Afuna malo ku koleji ya unamwino. Kolejiyo ifuna kalata ya umboni wa khalidwe lace yocokera ku sukulu yace yakale, ndipo kalatayo iyenera kufika Lacisanu pa 14 Malici.

Lolemba pa 3 Malici mtsikanayo alemba kwa mphunzitsi wamkulu: “Moni aphunzitsi aakulu.” Mphunzitsi wamkulu saidziwa nambalayo, ndipo ali ndi nchito yambiri, ayankha Laciwiri madzulo: “Moni. Ndani kodi?” Foni ya mtsikana iri ku golosale, ndipo aona yankho Lacinai pa 6. Alemba: “Ndine Uje. Ndiri ndi pempho.” Pa sukulupo panapita ana ambiri a dzina limenelo, koma mphunzitsi wamkulu aleza mtima, nayankha Lacisanu: “Pempho lotani?” Mtsikana akwera pacuru Lamulungu pa 9, nalemba: “Ndipempha kalata.” Lolemba yankho lifika: “Kalata yanji? Unatsiriza liti?” Lacitatu pa 12 ndi pamene mtsikana afotokoza zonse. Koma tsiku limenelo mphunzitsi wamkulu wapita ku msonkhano ku boma, ndipo cidindo ca sukulu ciri cotsekeredwa m'ofesi mwace. Lacisanu lifika, nilipita, kalata isanalembedwe.

M'nkhani imeneyi palibe munthu woipa. Mphunzitsi wamkulu anayankha nthawi zonse, ndipo mtsikana anali waulemu m'uthenga uli wonse. Koma mauthenga asanu ndi awiri anadya masiku asanu ndi anai, ndipo zonse zimene mtsikana ananena pa 12 anazidziwa kale pa 3. Akadalemba cotere tsiku loyamba lija:

“Moni aphunzitsi aakulu. Ndine Uje, ndinatsiriza Giredi 12A pa sukulu panu mu 2023. Ndipempha kalata ya umboni wa khalidwe langa, yosainidwa ndi yodindidwa, ya ku koleji ya unamwino. Ifunika kumeneko Lacisanu pa 14 Malici. Ndingabwere kudzaitenga Laciwiri pa 11 m'mawa. Kodi tsikulo liri bwino kwa inu? Zikomo.”

Mphunzitsi wamkulu akadayankha ndi mau ocepa: “Inde, bwera,” kapena “Bwera Lolemba, Laciwiri kulibe ine.” Ngakhale akadakana, mtsikana akadamva kukanako masiku khumi akalipo, nakhala ndi nthawi yopempha mphunzitsi wina.

Zimene uthengawo wanyamula

Aphunzitsi ayang'anitsitse uthenga waciwiriwu, pakuti ciganizo ciri conse cigwira nchito yace.

Moni ulipo, ndipo uli poyamba, ndi dzina laulemu loyenera. Mwana sanataye kanthu pa mwambo. Wangoleka kudikira pakati pa moni ndi nkhani.

Kenaka adzichula m'njira yoti wolandira amkumbukire kapena ampeze m'mabuku. Dzina lokha silikwana. Kwa mphunzitsi wamkulu cofunika ndi kalasi ndi caka, cifukwa ndi zimene zimtsogolera ku kaundula woyenera. Kwa amalume a ku Lusaka amene sanamuone mwanayo zaka zambiri, cofunika ndi dzina la amai ace ndi la mudzi. Ana aphunzire kudzifunsa kuti, “Munthu ameneyu andidziwa ndi ciani?” Ici cakula masiku ano cifukwa anthu ambiri ananyengedwapo ndi mauthenga a akuba, ndipo uthenga wa nambala yacilendo wopanda cizindikiro auyesa msampha, nauleka osayankha.

Pempho lenileni liri m'ciganizo cacitatu, ndipo lichula cinthu ndi dzina lace lonse. Mau akuti “kalata” okha sakwana, popeza mphunzitsi wamkulu alemba makalata a mitundu yambiri. Mtsikana wanena mtundu wace, wanena kuti ifunika siginecha ndi cidindo, wanenanso kumene ipita. Ndipo kumeneko ndiko cifukwa cace conse, conenedwa m'mau anai okha. Pempho la ndalama litsata lamulo lomweli: mwana achule kuculuka kwace m'manambala, anene cimene zikagule, ndi zimene makolo apeza kale. “Ndithandizeni ndi kangacepe” ndi mau aulemu pakamwa, koma polemba asiya amalume osadziwa ngati atumize makwaca makumi awiri kapena mazana asanu.

Tsiku lanenedwa kawiri, ndi dzina lace ndiponso ndi nambala yace. Ana akonda kulemba “mawa,” “mkuja,” kapena “msanga.” Koma mawa wa wolemba si mawa wa wowerenga, ngati uthenga wagona m'foni yozima masiku awiri. “Lacisanu pa 14” likhala lomwelo ngakhale uthenga uwerengedwe liti. Kuchula zonse ziwiri kuthandizanso kugwira colakwa: ngati dzina la tsiku ndi nambala sizigwirizana, wolandira aona msanga.

Potsiriza mtsikana wanena cimene iye mwini adzacita, natseka ndi funso limodzi loyankhika ndi inde kapena iai. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Wopempha ndiye ayenera kusenza nchito ya kulingalira za ulendo ndi tsiku, kuti kwa wopemphedwa kutsale kubvomera kapena kukonza pang'ono. Apa ndi pamene pali ulemu weniweni wa polemba: kusunga nthawi ya munthu wamkulu.

Kaphunzitsidwe kace m'kalasi

Kulemba mndandanda wa zinthu zimenezi pabolodi kuti ana aulowe pamtima sikuthandiza kwambiri. Ana aubwereza bwino lomwe, koma akagwira foni alembanso moni yekha. Cimene ciwatembenuza ndi kukhala iwo eni m'malo mwa wolandira. Phunziro lotsatirali silifuna foni ngakhale imodzi. Lifuna zidutswa za mapepala zokha, ndipo likwana m'mphindi makumi anai.

Mphunzitsi agawe ana awiriawiri, nawakhazike mofulatirana. Kwa mmodzi apereke kapepala kobisika kofotokoza bvuto lace lonse, monga aka: njinga ya atate ako yathyoka foloko, amai ako ayenera kukafika ku kiliniki Lacinai m'mawa, mnansi wina ali ndi njinga, ungaitenge Lacitatu madzulo ndi kuibweza Lacinai dzuwa lisanalowe. Mnzaceyo ndiye mnansi, ndipo sadziwa kanthu. Kulankhula nkoletsedwa. Alemberana pa pepala limodzi, ndipo lamulo lalikulu ndi ili: nthawi iri yonse pepala liwoloka kucoka kwa wina kupita kwa mnzace, mphunzitsi awerenga tsiku limodzi pabolodi. Masewero ayamba Lolemba. Wolandira aloledwa kubvomera pokhapokha atadziwa zonse zimene munthu wanzeru afuna kudziwa asanabwereketse njinga yace.

Pa ulendo woyamba ana ambiri afika Lacinai njinga isanabwerekedwe, ndipo kalasi iseka. Pamenepo mphunzitsi asapereke lamulo msanga. Afunse olandira okha kuti, “Munafunsa mafunso otani?” nawalembe pabolodi monga anenedwa. Mafunsowo atuluka omweomwewo m'magulu onse: Ndiwe yani? Ufuna ciani? Ya nchito yanji? Liti? Ubweza liti? Motero ana apanga okha mndandanda uja, ndipo aukumbukira cifukwa anaupeza ndi manja ao. Tsono asinthane malo, alandire bvuto lina, nayese kutsiriza nkhani pa Laciwiri, ndiko kuti uthenga umodzi ndi yankho limodzi.

Pocongera nchito yotere mphunzitsi asiyanitse zinthu ziwiri. Kalembedwe ka mau ndi zopumira ziri ndi nthawi yace. Koma muyeso woyamba wa uthenga ndi kuwerenga mafunso amene wasiya. Mphunzitsi alembe cizindikiro ca funso m'mbali mwa pepala pali ponse pamene wolandira akadafunsa kanthu. Uthenga wopanda cizindikiro ndiwo wakhoza, ngakhale uli ndi mau olakwika awiri; uthenga wa Cingerezi cosalala wokhala ndi zizindikiro zitatu walephera. Ana acite phunziroli m'Cinyanja poyamba, kuti nzeru yao yonse ikhale pa nkhani, ndipo pambuyo pace alicite m'Cingerezi, cimene adzalembera ku maofesi. Dongosolo lace ndi limodzi m'zinenero zonse ziwiri.

Mwana akazolowera, aphunzire kudziyesa yekha. Asanatumize, apatse uthengawo munthu wosadziwa nkhaniyo, kapena auwerenge mokweza ngati kuti waulandira kwa mlendo. Ngati funso libwera m'mutu, yankho lace lilowe m'uthenga.

Zolakwa zimene zitsata

Mwana akaleka moni yekha, kawirikawiri agwera mbali ina. Alemba nkhani yaitali yoyambira pa mvula ya caka catha, matenda a agogo ndi kutsika kwa mtengo wa cimanga, ndipo pempho libisala m'mzere wotsiriza. Wolandira wotanganidwa awerenga mizere itatu, naganiza kuti adzatsiriza madzulo, naiwala. Kunena zonse sikuli kunena zambiri. Mphunzitsi apatse ana lamulo loti pempho lioneke lisanathe ciganizo cacitatu, ndi kuti cifukwa cisapitirire ciganizo cimodzi. Njira yabwino yowazoloweza ndi kuwapatsa malire. SMS imodzi inyamula zilembo 160, kuwerengera pamodzi ndi mipata ndi zopumira, ndipo uthenga wa mtsikana uja ukwana m'mauthenga atatu. Ana adziwenso kuti kuika kacithunzi ka nkhope yoseka m'SMS kutsitsa malirewo kufika pa zilembo 70, motero uthenga ugawika pambiri ndipo mtengo ukwera. Kufupikitsa kusakhale kwa kudula mau pakati, monga acitira anyamata polemberana okhaokha. Munthu wamkulu aona zotere ngati cipongwe. Afupikitse pocotsa ziganizo zosagwira nchito.

Colakwa caciwiri ndi kuunjika mapempho. Mwana apempha amalume ndalama za ulendo, malo ogona ku Lusaka, ndi kuti amfunire nchito, zonse m'uthenga umodzi. Amalume ayankha cimene ciri copepuka, nasiya zina. Kapena aona katundu wolemera, nakhala cete. Uthenga umodzi unyamule pempho limodzi lathunthu. Ngati zinthu ziwiri sizingalekanitsidwe, mwana anene poyamba kuti ziri ziwiri, naziwerenge ndi manambala.

Cacitatu ndi kutumiza mau ojambulidwa kapena cithunzi popanda colembedwa. Mau ojambulidwa athandiza polankhula ndi agogo osadziwa kuwerenga, koma munthu wa mu ofesi sangawamvetsere pa msonkhano, ndipo sangapezemo tsiku kapena nambala osayambanso kumvetsera kuciyambi. Cithunzi ca cikalata cifuna ciganizo conena cimene ciri ndi cimene wolandira acite naco. Ndipo mwana acitsegule yekha aone ngati manambala awerengeka asanacitumize.

Malire a phunziro limeneli

Pali zinthu zimene siziyenera kulowa m'uthenga ngakhale mwana afune kunena zonse. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni siiperekedwa kwa munthu ali yense, ngakhale adzichule kuti ndi wa kampani. Nambala ya citupa ca registilesheni, cimene mwana atenga akakwana zaka 16, aipereke pokhapo pamene ofesi yodziwika yaifuna. Mphunzitsi anene zimenezi tsiku lomwelo la phunziro, pakuti mwana wakhama angathe kumva molakwa mau akuti “zonse.”

Palinso nkhani zimene mthenga wa pa foni sayenera kuzisenza konse. Za ukwati ziri ndi ankhoswe ace. Kupepesa kwa wamkulu amene walakwiridwa kufuna miyendo ndi nkhope. Mlandu wa malire a munda upita kwa anyakwawa. Koma ngakhale pa zotere uthenga woyamba ungakhale wathunthu, cifukwa pempho lace ndi la kuonana: “Amalume, ndine mwana wa alongo anu a kwa Uje. Ndiri ndi nkhani ya pabanja yofuna kukamba pamaso. Si matenda, si maliro. Kodi ndingakupezeni Loweruka pa 22 masana?” Mau aja akuti si matenda, si maliro, apulumutsa munthu wamkulu ku usiku wosagona.

Ana ena adzafunsa cocita ngati uthenga wathunthu suyankhidwa. Adikire masiku awiri a nchito ngati nthawi ilola, nalembenso, osati “Moni” kapena “Mwaona uthenga wanga?” koma pempho lonse mwacidule, ndi tsiku lace, kuti wolandira asabvutike kufunafuna uthenga wakale. Ukapanda kuyankhidwanso, nthawi yakwana yoimba foni kapena yokwera njinga.

Cotsalira ciri kwa aphunzitsi eni ace. Mwana wakale akalemba moni yekha, mphunzitsi angamuyankhe ndi cifundo kuti, “Moni mwanawe. Lemba dzina lako, caka cimene unatsiriza, cimene ufuna ndi tsiku limene cifunika, zonse pamodzi.” Ndipo ana aona makalata amene sukulu itumiza kwa makolo. Kalata yoitana makolo ku msonkhano yosachula ora, malo ndi nkhani yokakambidwa iphunzitsa ana zosiyana ndi zimene anamva m'kalasi. Cifukwa cace mphunzitsi, asanapereke kalata yotere kwa ana kuti apite nayo kwao, ayambe waiwerenga monga kholo limene liri kumunda, nawerenge mafunso amene yasiya.